Matenti, mipando ndi zoimbira: kudziwika kunandibweretsera maoda, komanso kunatsala pang'ono kundigwetsa

Sabata yathayi mphwanga wina wa kutchalitchi anandipeza ndikutsuka mipando kuseri kwa nyumba nkundifunsa kuti achimwene, ndalandira kandalama ka fodya, anthu akundiuza kuti poti ndimadziwana ndi anthu ambiri ndiyambe bizinesi yobwereketsa matenti ngati yanuyi, mukuti bwanji? Ndinamuuza kuti akhale pansi kaye, ndipo tinacheza mpaka mdima. Ndye ndaganiza zoti ndilembe zomwe ndinamuuzazo chifukwa funso limeneli si iye yekha amene wandifunsapo, ndipo yankho lomwe anthu amakonda kupereka loti "iwe ndi wodziwika, zikuyendera" ndi loona theka lokha.

Ine ndimakhala pa Kasungu boma, ndipo ndisanayambe za matentizi ndinali emusi wa m'maukwati ndi m'zinkhoswe kwa zaka zambiri ndithu, komanso ndakhalapo mu komiti ya kutchalitchi ndi m'kalabu ya fodya kwathu kumudzi. Kunena zoona ukayenda nane kuchoka pa depoti kukafika kumsika timaima kakhumi kupereka moni. Mu 2021 ndinagula mipando ya pulasitiki 200 ndi tenti imodzi, chaka chotsatira ndinawonjezera tenti yachiwiri ndi mipando ina 100, kenako masipika, mikisa, ampu, maiki awiri ndi jenereta. Mwezi woyamba womwewo sindinalipire ngakhale tambala yotsatsa malonda, ndinangoika zithunzi pa sitetasi ya WhatsApp basi foni inayamba kulira. Mbali imeneyi ndisaname, kudziwika kumagwira ntchito. Munthu amene akukonza ukwati wa mwana wake safuna kuika tsiku lake m'manja mwa mlendo, amafuna munthu woti akachedwa akudziwa pakhomo pake, ndye anzanga ena amene anayamba ndi katundu wabwino kuposa wanga ankakhala Loweruka katundu ali m'nyumba ine wanga ali pamsewu.

Koma pofika kumapeto kwa 2024 ndinakhala pansi ndi mayi a kunyumba kuwerengera, ndipo tinapeza kuti katundu wayenda pafupifupi Loweruka lililonse kuyambira Meyi mpaka Disembala koma mipando yatsika kuchoka pa 300 kufika pa 240 ndi kanthu, tenti yoyamba ija yang'ambika malo atatu, sipika imodzi ili kwa okonza, ndipo ndalama yoti tigulire zatsopano palibe. Ndalama inkalowa inde, koma inkangodutsa. Ndikufuna ndikuwonetseni ndi ukwati umodzi wokha mmene zimakhalira, chifukwa ukangomva kuti "anzako amadya bizinesi" sumvetsa mpaka uwone manambala.

Unali ukwati wa mwana wa mnzanga wa kalekale, tinaphunzira limodzi ku pulayimale, ndipo bambo anga atamwalira iyeyu anagona nafe pasiwa masiku onse. Ukwati unali cha ku Santhe, kulowa mkati ndithu kuchoka pa tala, mwezi wa Seputembala. Pa mitengo yanga ya nthawi imeneyo matenti awiri anali K160,000, mipando 300 pa K300 umodzi inali K90,000, zoimbira K150,000, zonse pamodzi K400,000 ndipo thiransipoti imayenera kukhala yapadera. Anabwera kunyumba madzulo, tinadya nsima limodzi, kenako anati achimwene, mwanayu ndi wanunso, munamunyamulapo ali khanda, ndili ndi K300,000 basi, mundichitire zonse mpaka kukafikitsa. Ndinavomera pompo osagwira ngakhale cholembera. Anapereka K150,000, yotsalayo anati tikatha perekaniperekani.

Tsopano taonani mmene K300,000 ija inathera. Lole ya matani atatu inandidya K120,000, ndipo apa ndi pomwe ongoyamba kumene ambiri amaphonya, amawerengera ulendo umodzi pomwe galimoto imayenda kanayi: kukasiya katundu Lachisanu, kubwerako yopanda kanthu, kupitanso Lamulungu kukatenga, nkubwereranso. Anyamata anayi okweza, kutsitsa ndi kudzutsa matenti K40,000. Mnyamata woyendetsa zoimbira K30,000. Petulo wa jenereta malita 20 anali pafupifupi K50,000, ndipo ndinali ndi mwayi kuti ndinamupeza pa filing'i siteshoni, chifukwa masabata ena chaka chomwecho mafuta atasowa tinkagula a m'zigubu pa mtengo wowirikiza. Zonsezi ndi K240,000, kutsala K60,000. Lamulungu anyamata atabwera tinawerenga mipando nkupeza kuti 7 palibe, 5 yathyoka miyendo. Mpando watsopano nthawi imeneyo ndinkaugula K12,000, ndye mipando 12 ndi K144,000. Ngakhale akanandilipira zonse tsiku lomwelo ndinali nditaluza kale K84,000. Koma sanalipirenso tsiku lomwelo, ndalama ya perekaniperekani inali itagawidwa kale kwa ophika, a keke ndi a zithunzi, anthu amene anaima pamenepo kudikira zawo, pomwe ine mnzake ndinachita manyazi kuima pa mzere umenewo. K100,000 inabwera patatha miyezi inayi, K50,000 mpaka lero.

Sindikumunena kuti ndi munthu woipa ayi, ndipo timachezabe. Iye m'maganizo mwake anandipatsa bizinesi, sanadziwe kuti ndalowetsa ndalama ya m'thumba langa pa ukwati wake, poti ine sindinamuuze. Za mipando yosowayo sindinayerekeze nkomwe kutchula. Ukawirikiza nkhani ngati imeneyi kakhumi pa chaka ndi pomwe umapeza kuti katundu akutha koma buku la kubanki silikusuntha. Ndipo vuto la katundu wobwereketsa ndi loti kuluza kwake sikuwoneka tsiku lomwelo ngati wogulitsa tomato, iwe umaona ndalama m'manja Lolemba nkumati zikuyenda, osadziwa kuti ukudya mipando yako yomwe umodziumodzi. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya mipando, lona ndi zipangizo za masipika inakwera nthawi yomweyo, koma ine ndinatenga miyezi yambiri ndisanakweze mitengo yanga chifukwa makasitomala anga onse anali anthu ondidziwa amene ankakumbukira mtengo wakale.

Nkhani ina yolemera kwambiri ndi ya maliro, ndipo apa ndikufuna ndichedwepo chifukwa munthu wodziwika aliyense akumana nayo. Ukwati umakupatsa miyezi iwiri kapena itatu yokonzekera, maliro amabwera ndi foni ya 4 koloko m'mawa. Amene akuimbayo ndi a mfumu, kapena mkulu wa mpingo, kapena malume ako enieni, ndipo sakufunsa mtengo, akungokuuza kuti zagwa kwa uje, tumizani tenti ndi mipando. Kwathu kuno sungayankhe kuti dipoziti kaye, ndipo ine sindikufuna kukhala munthu woyankha choncho, chifukwa tsiku lina adzandinyamula ndi anthu omwewo. Koma pa maliro ndi pomwe katundu amavutika kwambiri. Amakhala masiku awiri kapena atatu, usiku anthu amakokera mipando pafupi ndi moto miyendo nkufewa, ina imapita kumanda, ina ku nyumba zoyandikana kumene kukugona alendo, ndipo mwambo ukatha aliyense watopa ndi chisoni palibe woti nkumufunsa kuti mipando yanga ili kuti. Choopsa china ndi chakuti maliro akagwa Lachinayi pomwe Loweruka uli ndi ukwati wolipira kale, umapezeka pakati, ndipo ine zinandichitikira kamodzi, ndinafikitsa tenti ku ukwati 9 koloko m'mawa wa tsiku laukwati ikununkha utsi. Banja lija silinabwerenso kwa ine ndipo sindiwadandaula.

Chomwe ndinachita kumayambiriro kwa 2025 nchakuti ndinapatula tenti yakale yosokedwa ija ndi mipando 50 yakale, ndinaipaka penti yofiira kumsana, nkupita kwa a mfumu kwathu ndi kwa akuluakulu a kutchalitchi kukawauza kuti katundu uyu ndi wa zovuta, ndi waulere, aliyense wa m'mudzi muno kapena mumpingo muno angathe kutenga, koma thiransipoti ndi ya eni zovuta ngakhale itakhala ngolo, ndipo pakhale munthu mmodzi wosakhala wa banja loferedwa amene awerenge potenga ndi pobweza. A mfumu anayamika kwambiri ndipo anasankha okha mnyamata wowerenga. Chodabwitsa nchakuti kuyambira pamenepo mipando ya penti yofiirayo siisowa kawirikawiri, chifukwa anthu amaiona ngati ya mudzi, ukapezeka nawo pakhonde pako aliyense akudziwa kumene wachokera. Ndipo banja likafuna zambiri kuposa pamenepo, matenti oyera ndi zokuzira mawu, amadziwa okha kuti zimenezo ndi zolipira, nthawi zambiri amalipira ndi achibale ochokera ku Lilongwe kapena ku Joni ndipo sipakhala kukangana.

Chachiwiri chomwe ndinasintha chinali chovuta pa mtima wanga koma ndi chomwe chinapulumutsa bizinesi: ndinasiya kutchula mitengo ine mwini. Buku la maoda ndi foni ya bizinesi zili ndi mayi a kunyumba. Munthu akandipeza kumsika nkuyamba kuti achimwene pa 14 tili ndi chinkhoswe, ndimamuyankha mosangalala ndithu kuti zikomo potiganizira, imbirani mayi aone ngati tsikulo lili lopanda munthu. Si bodza ayi, chifukwa kale ndinkavomera anthu pamsewu nkuiwala, mpaka tsiku lina mabanja awiri anabwera kudzatenga tenti imodzi. Mayiwa amalemba pa risiti chilichonse pachokha, tenti yakuti, mipando ingati, thiransipoti, mafuta a jenereta, ndipo tsiku silitsekedwa mpaka theka la ndalama litalowa pa Airtel Money kapena Mpamba, theka linalo lisanakwere katundu m'galimoto. Mawu oti tikatha perekaniperekani tinawakana kotheratu. Pamwamba pake pamakhala ndalama ya chikole yofanana ndi mtengo wa mipando isanu, katundu akabwera bwino timabweza yonse tsiku lomwelo, ndipo kubweza msanga kumeneko nkofunika chifukwa ndi kumene kumapangitsa anthu kukhulupirira kuti si njira yowabera.

Nanga abale enieni ndi anzanga a pamtima? Sindinasiye kuwathandiza, koma tsopano ndimathandiza ndi maso otsegula. Risiti imalembedwa mtengo wonse, K400,000 mwachitsanzo, kenako pansi pake timalemba kuti mphatso ya banja lathu K80,000. Munthu amaona yekha kukula kwa zomwe wapatsidwa ndipo amathokoza, pomwe kale ndinkachotsa K100,000 mwakachetechete iye nkumaganizabe kuti mwina ndamudula. Chomwe sindichotsapo ngakhale kwa mlongo wanga ndi thiransipoti, anyamata ndi mafuta, poti zimenezo si zanga, ndi ndalama yotuluka m'thumba kupita kwa anthu ena. Ena anakhumudwa, wina anandiuza pamaso kuti a uje masiku ano mwayamba kudzimva, ndipo zinandipweteka masiku angapo, sindibisa. Awiri atatu anapita kwa anzanga ena, kumeneko anakalipira mtengo wonse osanyinyirika.

Tsopano za katundu weniweniyo, chifukwa kudziwika sikungakuthandize ngati tenti yagwera alendo. Dothi la madera ambiri kuno ku Kasungu ndi la mchenga, ndipo miyezi ya maukwati ambiri, Ogasiti mpaka Okutobala, ndi yomwenso kumakhala mphepo ndi akamvuluvulu. Zikhomo zazifupi zomwe zinabwera ndi tenti yanga yoyamba zinkazuka ndi dzanja limodzi. Ndinakawotcheretsa zina kwa owotcherera zitsulo, za chitsulo chokhuthala chomangira nyumba chija, zotalika kuposa theka la mita, ndipo timakhoma mopendeka mutu kuloza kutali ndi tenti, osati choimirira. Lona ikayamba kufufuma ngati chibaluni nkumakweza miyendo ya mapaipi, dziwani kuti mphepo yalowa pansi, musadikire, masulani nsalu za m'mbali mphepo idutse ndipo mumangitsenso zingwe. Nthawi ya dzinja vuto ndi madzi odikha padenga, lona ikakhala yosakokedwa bwino imapanga chithaphwi ndipo kulemera kwa madziwo kumapinda paipi. Ndipo musapinde tenti yonyowa nkuisunga, ngakhale ndi mame okha a m'mawa. Yanga yachiwiri inachita madontho akuda a nkhungu chifukwa anyamata anaipinda mamawa nkuisiya sabata yathunthu, madontho amenewo sachoka ngakhale uchape bwanji, ndipo mkwatibwi safuna tenti yamathothomathotho pa zithunzi zake.

Mipando nkhani yake ndi kuwerenga basi. Timasanja khumikhumi, timawerenga pamaso pa munthu wa komiti potsitsa ndipo amasayina, timawerenganso pamaso pake pokweza, osati titafika kunyumba ngati mmene ndinachitira ku Santhe kuja, poti ukafika kunyumba ndi mawu ako okha. Mpando uliwonse uli ndi chizindikiro chowotcha ndi chitsulo chamoto kunsi kwake chifukwa penti anthu amapala. Osaisunga padzuwa, pulasitiki ikayamba kutuwa nkumasiya ngati ufa m'manja ndiye kuti yauma, ikhoza kuthyoka munthu atakhalapo, ndipo mpando wothyokera apongozi a mwini ukwati pagulu umakuwonongera dzina kuposa mipando khumi yosowa. Yotero ndimaichotsa ndekha.

Zoimbira ndiye zimabweretsa ndalama yambiri pa tsiku limodzi komanso ndi zomwe zingakulize tsiku limodzi. Lamulo langa pano ndi loti sizituluka popanda mnyamata wanga, kaya wobwereka ndi ndani. Ndinaphunzira pa mwambo wina wa chiliza kumene ndinabwereketsa kwa msuweni wanga amene anati ali ndi mwana wodziwa za mawaya. Atabweza, sipika imodzi inkalira mokhwekhwereza, nditanunkhiza kumbuyo kwake fungo la chinthu chopserera, nditakankha pepala la sipikayo pang'onopang'ono ndi zala ndinamva kukhula mkati, basi ndinadziwa kuti koyilo yapsa. Nditafufuza ndinamva kuti anakweza voliyumu mpaka kagetsi kofiira ka CLIP pa ampu kanangoyaka osathima tsiku lonse, komanso analumikiza masipika ena awiri obwereka kwa aneba pa waya womwewo. Masipika anga ndi a 8 ohms, muyeso woti ukamatsika ampu imalemedwa kwambiri, ndye awiri pa mbali imodzi ya ampu amatsika kufika pa 4 ndipo ampu yanga imapirira pamenepo, koma ukawonjezanso ena imatentha koopsa nkuyamba kudzizimitsa, ukaumiriza imapsa. Kagetsi kofiirako kakamaphethira mwa apo ndi apo pa besi palibe vuto lalikulu, koma kakakhazikika tsitsani msanga, ngakhale anthu ovina akukuwa kuti kwezani.

Jenereta nayo ili ndi mwambo wake. Imayamba kulizidwa payokha zonse zili zozima, ikhazikike kaye mphindi zingapo, kenako mikisa, ampu pomaliza, ndipo pozimitsa ampu ndiye imayamba. Osalola kuti mafuta athere m'kati nyimbo zikulira, chifukwa ikamatsamwa ija moto umakwera nkutsika ndipo ndi pomwe zipangizo zimawonongeka. Mnyamata wanga amayang'ana thanki pa nthawi ya chakudya, amazimitsa, imazizira pang'ono nkuthira, osathira petulo ikulira. Ndipo pa ukwati wa kumudzi pamapezeka ndithu wina wobwera ndi ekisitenshoni kuti alumikize firiji ya zakumwa kapena ketulo, ameneyo amakanizidwa mwaulemu, firiji ikamadzuka imakoka moto wambiri mwadzidzidzi. Ngakhale pa boma pomwe pali magetsi jenereta timapita nayo, magetsi akathima pakati pa perekaniperekani amene amayang'anidwa ndi wa zoimbira.

Misonkhano ya ndale ndingoitchula mwachidule. Chaka cha chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 maoda anali ambiri, ndipo munthu wodziwika amafikiridwa ndi mbali zonse. Ine ndinkabwereketsa kwa aliyense pa mtengo umodzi, ndalama yonse patsogolo, ineyo osakwera pa nsanja ndiponso osalola nsalu ya chipani kusokeredwa pa tenti yanga. Ngongole ya kampeni chisankho chikadutsa ilibe mwini, ndipo ukadziwika kuti matenti ako ndi a chipani chakuti, theka la maukwati lakuthawa.

Ndisasiye chithunzi choti kudziwana ndi anthu ndi tsoka lokhalokha, ayi. Pali malo amene kumandithandiza kuposa ndalama. Madalaivala a malole amene amanyamula fodya kupita ku Chinkhoma nthawi ya msika ambiri ndimadziwana nawo, ndye akamabwerera opanda katundu cha kumene kuli mwambo amanditengera katundu pa mtengo wotsika. Oda ikakula kuposa katundu wanga, mwachitsanzo mipando 500, ndimaimbira anzanga awiri a bizinesi yomweyi nkubwereka kwa iwo pa mtengo wa pakati pathu, iwonso amatero kwa ine, ndipo zimenezi zimatheka chifukwa chokhulupirirana. Amayi okongoletsa malo, ophika ndi ma emusi anzanga ndi amene amandibweretsera maoda abwino kwambiri, chifukwa amabweretsa anthu amene sindikuwadziwa, olipira mtengo wonse, ndipo ine ndimawapatsa kangachepe pa oda iliyonse. Ngakhale mipando yosowa, kangapo ndalandirapo foni kuti a uje, mpando wa chizindikiro chanu tauona pa gulosale yakuti. Munthu wachilendo sangalandire foni yotero.

Ndye mphwanga uja nditamufotokozera zonsezi ndinamufunsa mafunso angapo. Ndinati mwa anthu amene ukuti umadziwana nawowo, ndi angati amene amakudziwa ngati munthu wosunga mawu, ndipo ndi angati amene amakudziwa ngati munthu wosakana? Unayamba wamuuzapo malume ako kuti ayi, nkukhalabe pa ubale? Uli ndi munthu kunyumba wolimba mtima woti agwire buku? Nanga kuyambira Januwale mpaka Epulo, mvula ikugwa, anthu ali kumunda ndalama zonse zapita ku feteleza, maukwati atachepa kwambiri, udzadya chiyani, poti katundu adzangokhala m'nyumba? Ine miyezi imeneyo ndimadalira munda, ndipo ndimalangiza kuti ndalama ya katapila kapena ya banki m'khonde yobweza mwezi ndi mwezi musagulire matenti chakumapeto kwa chaka, mudzayamba kubweza nthawi yomwe foni yasiya kulira.

Anakhala chete kanthawi kenako anati achimwene, kukana ndiye kumandivuta. Ndinamuuza kuti asayambe ndi zonse. Agule mipando 100 yokha chakumayambiriro kwa msika wa fodya, aiwotche chizindikiro, apeze buku la marisiti, ndipo ine ndizimubwereka oda ikandikulira kuti aone mmene timawerengera. Pa ndalama iliyonse yolowa azipatula gawo limodzi mwa magawo atatu osalikhudza, la kugulira mipando yolowa m'malo mwa yothyoka. Ikafika Disembala awerenge, ngati mipando ikadali pafupi ndi 100 ndipo ndalama yopatulayo ilipo, agule tenti. Zoimbira zidikire mpaka atapeza mnyamata wake wokhulupirika woziyendetsa. Dzulo anandiimbira kuti wagula mipando 80, ndalama inathera pamenepo, ndipo Loweruka likubwerali 50 mwa imeneyo ikupita ndi katundu wanga ku chinkhoswe cha ku Mtunthama, ndamuuza abwere 5 koloko m'mawa adzawerenge yekha pokweza.